Kadontho Kakasochera mu Sirinji ya Khanda

Nthawi inali itangopitirira 10 koloko usiku pamene mtsikana wophunzira unamwino, wa chaka chachiwiri, anabwera pa tebulo langa atanyamula kapepala kong'amba pa kope. M'wodi ya makanda munali zii, kupatula kamwana ka pakona komwe kankalira modukizadukiza.

"Sisita, ndawerengera jentamaisini wa mwana wa pa bedi lachinayi uja. Tandionereniko."

Ndinalandira kapepalako n'kukavundikira pa tebulo osakawerenga. Mtsikanayo anandiyang'ana ngati ndamunyoza. Ndinamuuza kuti apite akatenge faelo ya mwanayo pamodzi ndi kabotolo ka mankhwala kamene akufuna kutsegula, ndipo kapepala kake tikaona pomaliza.

Anthu ambiri amaganiza kuti kuonera wophunzira masamu a mankhwala n'chimodzimodzi ndi zimene aphunzitsi a ku pulayimale amachita ndi cholembera chofiira, kutsatira mzere ndi mzere n'kuchonga. Njira imeneyo ndi imene imalola cholakwa kudutsa. Diso la munthu ndi laulesi. Likaona masamu olembedwa mwaukhondo limangoyenda m'mapazi mwa wolembayo, ndipo pamene iye anapunthwa nalonso limapunthwa pomwepo. Ukawerenga kale kuti yankho ndi lakutilakuti, mutu wako umayamba kufunafuna njira yofikira pa yankho lomwelo. N'chifukwa chake woona amayamba yekha, kuchokera pa faelo ndi pa kabotolo, ngati kuti palibe amene wawerengerapo, ndipo mayankho awiriwo amakumana kumapeto.

Mwana wa pa bedi lachinayi anali ndi masiku atatu chibadwire. Thupi linali litatentha, kuyamwa anasiya, ndipo adokotala anaganiza kuti m'magazi mwake mwalowa tizilombo. Jentamaisini ndi mmodzi mwa mankhwala amene timabaya ana otere tsiku ndi tsiku. Ndi wotsika mtengo, amapezeka, ndipo wapulumutsa makanda osawerengeka. Vuto lake n'lakuti mpata wa pakati pa mlingo wochiritsa ndi mlingo wopweteka ndi wochepa. Akachuluka amawononga impso ndi m'kati mwa khutu. Impso nthawi zambiri zimatha kubwerera, koma makutu akagontha, agontha basi. Chowawitsa n'chakuti palibe chimene chimaoneka usiku womwewo. Mwana amachira, amatuluka, amakula, ndipo mayi amadzazindikira patapita chaka kapena ziwiri kuti akamuitana satembenuka ndipo anzake ayamba kulankhula iye ali chete. Pofika nthawi imeneyo palibe amene amakumbukira za jakisoni wa m'chipatala.

Faelo itabwera, sindinayambe ndi masamu. Ndinayamba ndi sikelo. Mankhwala a ana amawerengedwa pa kulemera kwa thupi, mamiligalamu akutiakuti pa kilogalamu iliyonse, choncho kulemerako kukalakwika masamu onse amatsatira, ngakhale atakhala oyera bwanji. Ndimafunsa kuti mwana anamuyeza liti, ndipo anamuyeza ali wamaliseche kapena atakulungidwa m'zitenje ziwiri ndi kabulangete. Kwa munthu wamkulu nsalu si kanthu. Kwa khanda zingalidutsitse malire ofunika, chifukwa malangizo a Bungwe Loona Zaumoyo Padziko Lonse amasiyanitsa ana pa sabata yoyamba: wobadwa wosakwana makilogalamu 2.5 amapatsidwa mamiligalamu 3 pa kilogalamu, pamene wobadwa ndi sikelo yabwino amapatsidwa 5, kamodzi pa tsiku. Mwana wathuyu ankalemera makilogalamu 2.8, ndipo adokotala analemba mamiligalamu 14. Ndinachulukitsa 2.8 ndi 5, n'kupeza 14 yemweyo. Zolemba za adokotala nazonso zimaonedwa. Iwonso amatopa, ndipo namwino amene wabaya mlingo wolakwika sangabisale kuseri kwa mawu akuti "ndi mmene zinalembedwera".

Ndinayang'ananso pa tchati kuti ndione ngati mwanayo sanabayidwe kale masana, ndipo ndinafunsa mayi ake ngati akunyowetsa thewera. Jentamaisini amatuluka m'thupi kudzera mu mkodzo, ndiye mwana amene sakukodza amasunga mankhwala a dzulo pamene ife tikuwonjezera a lero.

Kenako kabotolo. Apa m'pamene ophunzira ambiri amasokonekera, chifukwa adokotala amalemba kulemera kwa mankhwala, mamiligalamu, koma sirinji siyeza kulemera. Imayeza madzi, mamililita. Mlatho wa pakati pa ziwirizi walembedwa pa kabotolo ndi tizilembo tating'ono kwambiri. Pa kathu panalembedwa 80 mg/2 ml, kutanthauza kuti m'mamililita awiri a madziwo muli mamiligalamu 80 a mankhwala, ndiye kuti mililita iliyonse yanyamula 40. Ndimawerengetsa wophunzira mokweza, chifukwa palinso timabotolo ta jentamaisini ta 20 mg/2 ml, tooneka chimodzimodzi, tochepa mphamvu kanayi. Woloweza kuti "jentamaisini ndi 80" tsiku lina adzatola kenako.

Njira imene ophunzira amaphunzitsidwa m'kalasi, kaya ku Nkhoma, ku Malamulo, ku Ekwendeni kapena ku Lilongwe, ndi imodzi. Umatenga mlingo umene ukufuna, n'kuugawa ndi umene uli m'kabotolo, n'kuchulukitsa ndi kuchuluka kwa madzi ake:

14 ÷ 80 × 2 = 0.35 ml

Ndinalemba yankho langa, kenako ndinavundukula kapepala kake. Panali 3.5.

Manambala ake anali omwewo, 3 ndi 5. Chimene chinasuntha ndi kadontho, sitepe imodzi yokha kupita kumanja, ndipo sitepe imeneyo ndi mankhwala ochuluka kakhumi. Sindinamuuze kuti walakwa. Ndinamupatsa kabotolo m'manja.

"Mwana wanga, m'kabotolo aka muli mamililita angati?"

"Awiri, Sisita."

"Nanga kuti ukwanitse 3.5 utsegula tingati?"

Anakhala kaye chete, kenako anagwira pakamwa. Kabotolo kamodzi kameneka ndi ka mlingo wa munthu wamkulu, ndipo iye amati atsegule tiwiri chifukwa cha kamunthu kosakwana makilogalamu atatu. Limeneli ndi belu limene ndimafuna kuti lizilira m'mutu mwa wophunzira aliyense: ukapezeka kuti ukuthyola timabotolo tiwiri kapena titatu pa khanda limodzi, kapena ukuwerenga mapilitsi odzadza dzanja pa mwana mmodzi, ika pansi uyambirenso. Nthawi zina zimakhala zolondola, koma kawirikawiri ayi.

Kupeza kuti yankho n'lolakwa ndi theka chabe la ntchito. Ngati sunapeze pamene phazi linaterera, wophunzirayo adzatereranso pomwepo sabata ya mawa iwe kulibe. Ndinamupempha kuti andiuze mokweza mmene anayendera. Anayamba bwino ndithu. Anazindikira kuti mililita iliyonse ili ndi 40, ndipo anafuna kugawa 14 ndi 40. Poona kuti 40 salowa mu 14, anawonjezera ziro kuti akhale 140, monga anatiphunzitsira ku pulayimale, n'kupeza 3.5. Anangoiwala kubweza ziro amene anabwereka uja. Mankhwala ankawadziwa, kabotolo anakawerenga bwino, njira anaitsata. Chinamugwetsa ndi masamu a Sitandade 6, ndipo mankhwala a vuto limenelo si kumukalipira kuti asamale, koma kumupatsa masamu a magawo makumi awiri akachite mawa.

Ena anganene kuti akanagwiritsa ntchito kalikuleta ya pa foni zonsezi sizikanachitika. N'zoona, kalikuleta siiwala ziro, ndipo ine sindiletsa. Koma chala chimatha kudumpha kadontho, 2.8 n'kusanduka 28, ndipo kalikuleta idzakupatsa yankho mosanyinyirika chifukwa siinamuonepo mwanayo. Chimene ndimakakamira ndi chakuti wophunzira ayerekeze yankho ndi mutu asanagwire cholembera kapena foni. Mililita imodzi ili ndi 40. Theka lake lili ndi 20. Ife tikufuna 14, wochepera 20. Ndiye yankho, kaya likhala lotani, liyenera kukhala pansi pa theka la mililita. Munthu amene waganiza chonchi kwa masekondi khumi sangalembe 3.5 dzanja lake osanjenjemera.

Pali njira inanso yotsimikizira, yoyenda chobwerera m'mbuyo. Umatenga yankho lako n'kufunsa kuti, ndikabaya madzi ochuluka chonchi, mwana alandira mankhwala angati? Mamililita 3.5 kuchulukitsa ndi 40 ndi mamiligalamu 140. Ukawagawa pa makilogalamu 2.8 a mwanayo, kilogalamu iliyonse ikulandira 50, pamene buku likuti 5. Ukayesa 0.35 umabwerera pa 14 amene unayambira. Masamu olondola amakubweza pakhomo pomwe unanyamukira.

Titagwirizana pa 0.35, mtsikanayo anapumira m'mwamba poganiza kuti zatha. Ndinamuuza kuti atenge sirinji andionetse 0.35. Anatenga ya mamililita asanu, naitembenuzatembenuza pansi pa getsi. Timizere take timadumpha 0.2, 0.4, 0.6, ndipo 0.35 palibepo. Yankho lolondola pa pepala lilibe ntchito ngati chida chimene uli nacho sichingaliyeze. Sirinji ya mililita imodzi ili ndi timizere tokwanira, koma si masiku onse pamene imapezeka m'kabati. Apa wophunzira amayesedwa kuti angozunguliza, kunena kuti 0.35 ndi pafupifupi 0.4. Koma 0.4 ndi mamiligalamu 16, ndipo mwana amene amabayidwa masiku angapo motsatizana sayenera kuwonjezeredwa tsiku lililonse chifukwa choti sirinji ndi yaikulu.

Njira yabwino ndi kusungunula. Umakoka mamililita awiri onse a m'kabotolo, n'kuwonjezera mamililita 6 a madzi oyera a jakisoni, kuti zonse pamodzi zikhale 8. Mamiligalamu 80 aja tsopano amwazikana m'mamililita 8, ndiye mililita iliyonse ili ndi 10, ndipo mwana wathu akufunika 1.4, nambala imene sirinji wamba imayeza bwinobwino. Koma njira yothandizayi ili ndi misampha yakeyake iwiri. Woyamba uli m'mawu. "Kusungunula mpaka 8" ndi "kuwonjezera 8" zimamveka ngati chinthu chimodzi m'khutu la munthu wotopa. Wowonjezera 8 amakhala ndi mamililita 10, mankhwala amasukuluka, ndipo mu 1.4 muja mumakhala mamiligalamu 11.2 okha. Mwanayo amalandira mlingo woperewera ndipo tizilombo timapeza mpata. Msampha wachiwiri ndi woopsa kuposa pamenepo. Wina akamva kuti "mwana uyu ndi wa 1.4" n'kukoka 1.4 molunjika m'kabotolo kosasungunula, wabaya mamiligalamu 56, kanayi kuposa oyenera. Madzi osungunula ndi osasungunula amaoneka chimodzimodzi, oyera mbee. N'chifukwa chake sirinji yosungunuliramo imamatidwa kapepala kolemba dzina la mankhwala, mphamvu yake ndi nthawi, ndipo woona sasainira zimene sanaone ndi maso ake zikusakanizidwa. Ine sirinji yopanda chizindikiro ndimataya, ngakhale mankhwala atakhala osowa.

Kalembedwe nako kali ndi gawo lake. Wophunzira akalemba .35 popanda ziro kutsogolo ndimamubweza, chifukwa kadontho ka cholembera chotha inki kamasowa pa pepala lopindika ndipo wobwera m'mawa adzawerenga 35. Akalemba 5.0 m'malo mwa 5 ndimamubwezanso, chifukwa kadontho kakazimiririka pamatsala 50. Ziro wa kutsogolo amateteza, ziro wa kumbuyo amapereka.

Ndisadzionetse ngati woyera pankhaniyi. Tsiku lina, m'wodi ya ana nthawi ya dzinja, pamene malungo amadzaza mabedi mpaka ana awiri kugona pamodzi, ndinkaona masamu a mnyamata wina wophunzira. Mwana anali wa makilogalamu 13, wa malungo aakulu, wofunika jakisoni wa atesuneti. Ine ndinachulukitsa 13 ndi 2.4, nambala imene inakhazikika m'mutu mwanga kuyambira pamene mankhwalawa analowa m'malo mwa kwinini, ndipo ndinapeza mamiligalamu 31. Iye anapeza 39. Ndinamuyang'ana, ndipo nthawi yomweyo anayamba kufufuta yankho lake.

"Mwina ndalakwitsa ndine, Sisita."

Sanalakwitse. Kuyambira mu 2015 malangizo a bungwe lija amati mwana wosakwana makilogalamu 20 azipatsidwa mamiligalamu 3 pa kilogalamu, chifukwa matupi a ana aang'ono safikira mlingo wokwanira m'magazi akapatsidwa 2.4. Ine ndinkadziwa zimenezi, koma dzanja linathamangira chizolowezi. Chimene chinandiopsa si kulakwa kwangako ayi, koma liwiro limene mnyamatayo anataya nalo yankho lolondola. Kwathu kuno mwana saphunzitsidwa kutsutsa wamkulu, ndipo wophunzira amene akudziwa kuti sisita yemweyo ndiye adzasaine buku lake la ntchito amakhala ndi chifukwa china chokhalira chete. Ulemu umenewu ndi wabwino pa bwalo, koma pa tebulo la mankhwala umasandutsa anthu awiri kukhala mmodzi. Kuyambira tsiku limenelo lamulo langa ndi lakuti mayankho akasiyana, palibe amene amafufuta. Sititenga la wamkulu, sititenganso la pakati. Timatsegula buku la malangizo, aliyense n'kuyambiranso payekha, ndipo zikakanikabe timaitana munthu wachitatu.

Atesuneti yemweyo amaphunzitsa chinthu china chimene jentamaisini satha kuonetsa bwino. Amabwera ngati ufa, mamiligalamu 60 m'kabotolo. Umayamba wathiramo mililita imodzi ya madzi a soda amene amabwera m'katoni momwemo, n'kugwedeza mpaka madzi ayere. Ukatero njira zimagawikana. Ngati ubaya mu mtsempha, umawonjezera mamililita 5 a madzi a mchere ndipo mililita iliyonse imakhala ndi 10. Ngati ubaya mu mnofu wa ntchafu, umawonjezera 2 okha, mililita iliyonse n'kukhala ndi 20, kuti madzi olowa m'ntchafu ya mwana asachuluke. Mwana wa mamiligalamu 39 uja ndi wa mamililita 4 mu mtsempha kapena 2 m'ntchafu. Tsono taganizani kuti wophunzira wasakaniza za mu mtsempha, mtsempha wakana kupezeka, ndipo wina wanena kuti ingomubayani m'ntchafu. Akayang'ana pa tchati cha pakhoma n'kuona kuti m'ntchafu ndi 2, nakoka 2 wa madzi osukuluka aja, mwanayo walandira theka la mankhwala ake pa ola limene ubongo wake uli pankhondo. Palibe nambala imene yalakwika pa pepala. Woona amene anangochonga masamu n'kupita kukathandiza kwina sangazigwire zimenezi.

Mwaonanso kuti 3.9 tamukweza kukhala 4. Pa atesuneti malangizo amalola kukweza kufika pa mililita yathunthu, chifukwa mankhwalawa amakhululuka akapitirira pang'ono ndipo choopsa chachikulu n'kupereweza. Wophunzira amene wangochoka ku wodi ya malungo akhoza kunyamula chizolowezi chimenechi kupita nacho ku makanda, n'kukweza 0.35 wa jentamaisini kukhala mililita yathunthu. Amenewo ndi mamiligalamu 40, pafupifupi katatu. Choncho ndikaona wophunzira akuzunguliza nambala, sindifunsa ngati wazunguliza bwino. Ndimafunsa kuti ndani wamuloleza kuzunguliza pa mankhwala amenewa.

Wowerenga amene anagonapo m'chipatala ngati gadiyani adzafunsa kuti, kodi nthawi yochitira zonsezi imachokera kuti, pamene usiku namwino amakhala mmodzi kapena awiri pa wodi yonse? Funsoli ndi loona. Munthu sangawerengere kawiri pilitsi lililonse la panado, ndipo akayesa kutero, kuonako kumasanduka mwambo wongogwedeza mutu n'kusaina. Nthawi yochepayo timaisungira mankhwala amene sakhululuka: a makanda onse, insulini, mofini, maginiziyamu wa amayi oyembekezera amene akomoka ndi kuthamanga kwa magazi, ndi chilichonse chimene chasakanizidwa ndi dzanja. Koma wophunzira ndi nkhani ina. Iye alibe chilolezo cha Bungwe la Anamwino ndi Azamba, ndipo jakisoni aliyense amene wabaya ali pa mutu pa namwino amene akumuyang'anira. Kwa iye palibe mankhwala aang'ono. Gadiyani nayenso ali ndi pakamwa pamene timadalira. Mayi amene wanena kuti "mwanayutu amubaya kale madzulo" kapena "sanamuyezetu pa sikelo" sakulowerera ntchito ya eni. Nthawi zambiri ndi iye yekha amene wakhala pa bedilo kuyambira m'mawa, pamene ife tasinthana kawiri.

Usiku uja mtsikanayo anathyola kabotolo kamodzi. Anakoka mamililita awiri, nawonjezera 6 ine ndikuwerenga naye timizere, namata kapepala pa sirinji. Kenako anakokera 1.4 mu sirinji yaing'ono, natulutsa kampweya, naikweza pa getsi kuti tonse tione pamene mphira yakuda yathera. Tinapita pa bedi lachinayi, tinafunsa mayiyo dzina lake n'kulifananitsa ndi la pa faelo, ndipo anabaya pang'onopang'ono pa kanyula wa padzanja. Anasaina iye, ndinasaina ine, tinalemba nthawi, 10:40, kuti wa mawa adziwe poyambira kuwerenga maola 24.

Pobwerera ku tebulo anatola kapepala kake kaja n'kufuna kukaponya m'bini. Ndinamuuza kuti akamate m'kati mwa chikuto cha kope lake, ndipo pansi pa 3.5 alembe ndi dzanja lake kuti timabotolo tiwiri. Ana ena atatu ankadikira jentamaisini wawo usiku umenewo, ndipo wotsatira ankalemera makilogalamu 1.9. Ndinamufunsa kuti achulukitsa ndi chiyani. Anatsegula pakamwa kuti anene 5, naima, napita kukatenga buku.